Makiyi a nyumba ya lendi ku Chilinde: kodi mungawapereke kwa wina mwini wake osadziwa?

Ku Chilinde, mwezi ukamatha, simusowa kalole kodzaza matilesi, mbaula ndi zidebe kakutuluka pa mpanda wina kulowera pa mpanda wina. Ambiri mwa anthu osamukawa anatsanzikana bwinobwino ndi alandilodi awo. Koma alipo ena amene amatuluka mwakachetechete, makiyi n'kusiyira mnzawo wa kuntchito kapena wa kutchalitchi, ndipo mwini nyumba amadzazindikira pakapita miyezi iwiri, akaona zovala zachilendo pachingwe. Enanso satuluka n'komwe, amangotenga chipinda chimodzi n'kuikamo mnyamata wolipira kuti lendi ipepuke. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka zinthu zotere zikachitika.

Kulowetsa wina m'nyumba ya lendi ndi kumusiyira nyumbayo, si chinthu chimodzi?

Si chimodzi, ndipo mikangano yambiri imayambira posasiyanitsa ziwirizi.

Njira yoyamba ndi yochititsa lendi nyumba imene inunso mukuchita lendi. Pangano lanu ndi mwini nyumba likadalipo monga kale, dzina lanu ndi lomwe lili m'kope lake, koma pansi panu mwaika munthu wina amene amalipira kwa inu. Akhoza kukhala m'chipinda chimodzi, m'kanyumba ka kuseri, kapena m'nyumba yonse kwa miyezi ingapo inu muli kwina. Apa mapangano alipo awiri: lanu ndi landilodi, ndi lanu ndi munthu mwalowetsayo. Landilodi ndi munthu uja sanapangane kalikonse. Inuyo mwasanduka tenanti mukayang'ana m'mwamba, landilodi mukayang'ana pansi.

Njira yachiwiri ndi yosiyira wina pangano lonse. Inu mukuchokeratu, simudzabweranso, ndipo nthawi yonse imene yatsala pa pangano mwaipereka kwa munthu watsopano kuti alowe m'malo mwanu. Iyeyo ndiye azilipira kwa mwini nyumba mwachindunji, pa mtengo womwewo ndi malamulo omwewo amene inu munagwirizana.

Ngati simukudziwa kuti zimene mwachita zili mbali iti, dzifunseni mafunso awiri. Kodi lendi ikudutsa m'manja mwa yani? Nanga pali tsiku limene nyumbayo idzabwerera kwa inu? Ndalama ikamadutsa mwa inu, ndipo mukuyembekeza kudzalandiranso makiyi, ndiye kuti mwachititsa lendi. Ngati munasamba m'manja n'kupita, ndiye kuti munasiyira wina. Kumbukiraninso kuti simungapatse munthu nthawi yoposa imene inu muli nayo. Ngati pangano lanu likutha mu Juni, simungalonjeze wina kuti akhala mpaka Disembala.

Ndiye chilolezo cha mwini nyumba chimafunika liti?

Poyambira ndi pa pepala limene munasainirana, ngati lilipo. Mapepala a lendi amanena nkhaniyi m'njira zitatu. Ena amaletseratu: wa lendi asalowetse munthu wina kapena kusiyira wina nyumbayi, basi. Pamenepo mwini nyumba akhoza kukana popanda kupereka chifukwa, ndipo akavomera ndiye kuti wangokukomerani mtima. Ena amati musatero popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba, kutanthauza kuti khomo ndi lotseka koma mukhoza kugogoda. Ndipo ena sanena kanthu.

Pamene pepala lili chete, kapena pamene palibe pepala n'komwe, ndi pomwe anthu amasokonezeka. Malamulo akale amene tinatengera kwa Angerezi amaona pangano la lendi ngati katundu wa tenanti, moti ngati palibe choletsa akhoza kulipereka kwa wina. Koma kuno kwathu kuli lamulo la 1967 la malo olembedwa m'kaundula wa boma, lotchedwa Registered Land Act, ndipo limaika mfundo zina m'pangano la lendi ngakhale eni ake sanazilembe. Imodzi mwa mfundozo imati wa lendi asasiyire wina, asachititse lendi, ndipo asapereke nyumbayo kapena mbali yake m'manja mwa wina asanalandire chilolezo cholembedwa cha mwini wake. Mfundo yomweyo imapitiriza kunena kuti mwini nyumba asakane chilolezocho popanda chifukwa chomveka. Choncho pa poloti yolembedwa m'kaundulayo, kukhala chete kwa pepala sikukupatsani ufulu.

Tsono vuto la ku Chilinde ndi lakuti mapoloti ake sali pa mlingo umodzi. Chilinde, yemwe pa mapu a mzinda ndi Eriya 21, ndi limodzi mwa madera amene anadulidwa mapoloti kuti anthu azidzimangira okha, monga Eriya 23, pa nthawi imene likulu linkasamutsidwa kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu mu 1975. Masiku ano madera amenewa amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda. Eni mapoloti ena anayenda m'maofesi mpaka kutenga chikalata cha umwini, ena ali ndi pepala la khonsolo lokha, ena anagula kwa wina amene anagulanso kwa wina. Munthu wofuna chitseko chimodzi pa mdadada sangayambe kufunsa alandilodi kuti aone zikalata za poloti, akhoza kuuzidwa kuti nyumba yapita kale. Nzeru yake ndi kungotenga kuti chilolezo chikufunika nthawi zonse pamene munthu wina akulandira makiyi ndi kulipira ndalama. Kufunsa kumene sikunali kofunika sikukutayitsani kanthu.

Palinso china chimene chimapangitsa mkangano wa malamulowu kukhala wopanda phindu kwa ambiri. Nyumba zambiri za m'makomboni ndi za mwezi ndi mwezi, zopanda tsiku lothera. Pangano lotere mbali iliyonse ikhoza kulithetsa popereka notisi yokwanira, kawirikawiri ya mwezi umodzi. Ngakhale mutapambana pa mfundo yakuti munali ndi ufulu wolowetsa munthu, mwini nyumba amene wakhumudwa angokupatsani notisi, nonse awiri n'kutuluka.

Mlamu wanga wabwera kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito. Naponso ndikapemphe chilolezo?

Ayi, mlendo si tenanti. Mlamu wogona pa balaza, mphwanu amene akuphunzira m'tauni, mayi amene abwera kudzadikirira chipatala ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, onsewa ali pansi pa denga lanu mwa chifundo chanu. Nyumba ikadali m'manja mwanu. Mukhoza kulowa m'chipinda chilichonse, ndipo mukati mawa anyamuke, anyamuka. Ngakhale mlamuyo atamathandiza kugula ufa kapena mayunitsi a magetsi, sizimusandutsa wa lendi.

Malire amadumphidwa pamene zinthu zitatu zakumana: munthuyo ali ndi chipinda chake chimene amakhoma ndi loko wake, inu simulowamo popanda kuodira, ndipo amapereka ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika. Zikatero, kaya ndi mwana wa achemwali anu, pamaso pa malamulo mwachititsa lendi. Chimodzimodzi ngati inu mwasamukira ku Mchinji n'kusiya "abale" m'nyumba chaka chathunthu. Mwapereka nyumba m'manja mwa ena, ngakhale asakulipireni.

Komabe onani pepala lanu, chifukwa alandilodi ena amalemba chiwerengero cha anthu oyenera kukhala m'nyumba. Ndipo ine sindiwaona ngati ankhanza akatero. Pa poloti ya zitseko zisanu ndi chimodzi, chimbudzi chimodzi, bafa imodzi ndi mpopi umodzi, munthu aliyense woonjezera amamveka pa bilu ya madzi ndiponso pa kudzaza kwa dzenje. Anzanu a pa mdadada ndi amene amayamba kudandaula, mwini nyumba asanamve n'komwe.

Tapatseni chitsanzo. Chimalakwika n'chiyani munthu akangosiya makiyi?

Tiyerekeze mphunzitsi amene akukhala ku Chilinde 2 m'nyumba ya K120,000 pa mwezi. Pa 1 Januwale walipira miyezi itatu, K360,000, ndipo polowa anasiya dipoziti ya K120,000. Kumapeto kwa Januwale kalata yabwera: wasamutsidwira ku Dedza. M'nyumbamo mwatsala ndalama yake ya Febuluwale ndi Malichi, K240,000, kuphatikiza dipoziti ija. Akudziwa kuti akapita kwa alandilodi amva yankho lodziwika lija lakuti ndalama inagwira kale ntchito, adikire nyumba ipeze munthu. Iye akufuna ndalama ya thiransipoti ndi ya nyumba ya ku Dedza sabata yomweyo.

Ndiye wapeza mnzake amene akusaka nyumba. Mnzakeyo wamupatsa K360,000, ya miyezi iwiri ndi ya dipoziti, n'kulandira makiyi. Agwirizana kuti kuyambira Epulo mnzakeyo azitumiza lendi pa foni kwa mphunzitsi, mphunzitsi azitumiza kwa alandilodi, kuti dzina lisasinthe ndiponso kuti lendi isakwere, pakuti tonse tikudziwa kuti tenanti watsopano amalowera pa mtengo watsopano.

Epulo ndi Meyi zayenda. Juni mnzake uja ntchito yamuthera. Julaye foni yake sikupezeka. Mwini nyumba wapita kukaona, wapeza anthu amene sakuwadziwa akulongedza, galasi la zenera losweka, sinki yothyoka, ndi ngongole ya madzi. Kuwerengera kwake kuli motere: lendi ya miyezi iwiri K240,000, zokonza K90,000, madzi K35,000, zonse pamodzi K365,000. Akachotsa dipoziti ya K120,000, yatsala K245,000.

Ndalama imeneyi aifuna kwa yani? Kwa mphunzitsi, ku Dedza komweko. Iyeyo ndiye anapangana naye, ndipo munthu winayo mwini nyumba sakumudziwa. Mphunzitsi sanganene kuti "sindimakhalamo", chifukwa pangano silinathe, ndipo kulowetsa munthu mobisa ndi kuphwanya kwina pamwamba pa ngongoleyo. Ali ndi ufulu wokafuna K245,000 yake kwa mnzake uja, inde, koma ayambe wamupeza, ndipo alibe ngakhale kapepala kosonyeza zimene anagwirizana.

Onaninso mbali ya mnzakeyo, tikanena kuti iye analipira mokhulupirika koma mphunzitsi ndiye amadya ndalamayo ku Dedza. Mwini nyumba akathetsa pangano la mphunzitsi chifukwa cha ngongole, wokhala pansi pake amagwa nalo limodzi, monga nthambi imagwa ndi mtengo wake. Mauthenga a pa foni osonyeza kuti analipira mwezi uliwonse amuthandiza pokamutsata mphunzitsi, koma samupatsa ufulu wokhalabe m'nyumba ya munthu amene sanamulole.

Chimene mphunzitsi akanachita n'chosavuta. Akanatenga mnzakeyo n'kupita naye kwa alandilodi, atatu n'kukhala pansi. Mnzakeyo akanamubwezera K360,000 yomweyo pamaso pa mwini nyumba, dzina m'kope likanasintha, dipoziti ikanalembedwa kuti tsopano ndi ya watsopanoyo, ndipo pepala likananena kuti kuyambira 1 Febuluwale mphunzitsi alibenso mangawa pa nyumbayo. Mwina alandilodi akanati kuyambira Epulo lendi ikhala K140,000. Imeneyo ikanakhala nkhani ya awiriwo. K20,000 imene ankaithawa ndi imene inabala K245,000.

Ndikasiyira wina mwini nyumba atavomera, ndiye kuti ndamasuka?

Musafulumire kutero. Mawu akuti "chabwino, alowe" ndi chilolezo choti munthuyo alowe, koma sanena kuti inu mwachotsedwa pa ngongole za m'tsogolo. Amene anasaina pangano la chaka ndinu, ndipo mwini nyumba akhoza kudzati anavomera mnzanuyo chifukwa chodalira inu. Kuti pasadzakhale kukokanakokana, mawu omasula alembedwe poyera: kuyambira tsiku lakuti, wakuti alibenso udindo pa lendi, pa mabilu ndi pa zowonongeka.

Pa nyumba ya mwezi ndi mwezi, njira yoyera kuposa zonse si kusiyirana n'komwe. Ndi kuthetsa pangano lanu, mwini nyumba n'kuyamba latsopano ndi munthu amene mwamubweretsa. Inu mumatuluka ndi dipoziti yanu kapena ndi ndalama imene watsopanoyo wakubwezerani, ndipo palibe chingwe chotsala. Kusiyirana kwenikweni kumakhala ndi phindu pamene pali pangano la nthawi yodziwika, monga chaka, lokhala ndi mtengo wokhazikika umene watsopanoyo akufuna kuusunga. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa ndi 44 pa 100 aliyense, mtengo wa lendi wakale wasanduka chinthu chimene anthu amachilimbirana, ndipo n'chifukwa chake eni nyumba nawonso amafuna kudziwa amene akulowa.

Mukachititsa lendi, osati kusiyira, ndiye simumasuka ngakhale pang'ono, chilolezo chikhalepo kapena ayi. Wa m'chipinda uja akalephera kulipira, lendi yonse ikudikira inu pa 1.

Pepala la chilolezo lilembedwe bwanji? Pafunika loya?

Pa nyumba wamba ya ku Chilinde loya safunika. Tsamba limodzi la m'kope likwanira, bola linene zinthu zoyenera. Litchule nyumba yake, ndi nambala ya poloti ngati ikudziwika, ndiponso chitseko chake ngati ndi pa mdadada. Litchule maina a anthu atatuwo monga alili pa zitupa zawo za unzika. Linene momveka ngati uku ndi kuchititsa lendi chipinda kapena kusiyira nyumba yonse, kuyambira liti mpaka liti, lendi ndi zingati, ndipo ikuperekedwa kwa yani.

Kenako pabwere zinthu zimene anthu amaziiwala ndipo ndi zomwe zimadzawayambanitsa. Dipoziti ili m'manja mwa yani, ndipo idzabwezedwa kwa yani? Mita ya madzi ikuwerenga chiyani tsiku losinthana, ndipo pali ngongole yotsala ku Lilongwe Water Board? Mita ya ESCOM yogulira mayunitsi imanyenga anthu, amaganiza kuti poti ndi yolipiriratu ndiye palibe nkhani, koma ngati mita imodzi ikudyetsa zitseko zitatu, watsopanoyo ayenera kudziwa kuti amasonkha zingati ndipo amasonkhetsa ndani. Yendani m'nyumbamo atatu, jambulani ndi foni makoma, mazenera, maloko ndi masoketi. Aliyense asaine, pakhale mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo aliyense atenge pepala lake kapena chithunzi chake.

Ngati pangano ndi la zaka zingapo ndipo linalembetsedwa ku ofesi ya za malo, pamenepo kusiyirana kumayenera kudutsanso ku ofesiko pa mafomu ake, ndipo ndi bwino kufunsa loya. Koma zoterezi n'zosowa pa nyumba zogona za m'makomboni.

Alandilodi ali ku Joni. Amene amatolera lendi ndi achimwene awo. Chilolezo chawo chikwanira?

Funso limeneli ndi la ku Chilinde kwenikweni, pakuti nyumba zambiri eni ake sakhala pamalopo. Wotolera lendi si nthawi zonse amene ali ndi mphamvu yosintha tenanti. Achimwenewo akhoza kuvomera lero, mwina atalandira ya fanta, eni ake n'kudzabwera pa Khirisimasi kunena kuti sanatume munthu. Ejenti amene anakupezerani nyumba, uja munamulipira yoonetsera, ndiye alibiretu mphamvu imeneyi pokhapokha mwini nyumba atamupatsa.

Njira yake ndi kupempha nambala ya eni ake n'kuwalembera uthenga wonena zonse: dzina la munthu, tsiku, chipinda kapena nyumba yonse, ndalama. Yankho lawo lolembedwa pa WhatsApp ndi umboni wabwino kuposa "anavomera pa foni", umene palibe angautsimikize. Lijambuleni yankholo, lisungeni pena, chifukwa mafoni amatayika. Ngati eni ake ayankha kuti zonse muzikambirana ndi achimwene, uthenga umenewo ndiwo mphamvu ya achimwenewo, ndipo usungeninso.

Pa nyumba ya masiye samalani koposa. Mwini wake akamwalira, ana ndi abale angapo amatha kumadzitcha alandilodi nthawi imodzi. Funsani amene anapatsidwa udindo woyendetsa chuma cha malemuwo, ndipo ngati banja silinagwirizane, si nthawi yabwino yolowetsa munthu wachitatu pakati pa moto wa eni ake.

Nanga akakana? Ali ndi ufulu wongokana basi?

Ngati pepala linaletseratu, inde. Ngati likunena za chilolezo, kapena nkhani ili pansi pa lamulo la 1967 lija, kukana kuyenera kukhala ndi chifukwa chokhudza nyumbayo kapena munthu wolowayo. Zifukwa zomveka ndi monga izi: munthuyo alibe ntchito kapena bizinesi yooneka yoti n'kulipirira, anathamangitsidwa kwina chifukwa cha ngongole, akubwera ndi anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, kapena akufuna kusandutsa nyumba yogona kukhala shabini kapena mogulitsira makala. Kukana chifukwa cha mtundu wa munthu, chigawo chimene akuchokera kapena mpingo wake si chifukwa chokhudza nyumba, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amaletsa tsankho lotere. Kukana n'cholinga chongofuna kukufinyani ndalama yapadera nakonso n'kovuta kukuikira kumbuyo.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti ngakhale mutatsimikiza kuti mwini nyumba alibe chifukwa chokanira, muyenera kupemphabe, ndipo mupemphe musanalowetse munthu. Kulowetsa kaye n'kudzapempha pambuyo ndi kuphwanya pangano, ngakhale munthuyo akhale m'busa. Pemphani molemba, perekani zonse zimene mwini nyumba angafune kudziwa za munthuyo, mupatseni masiku okwanira oti aganize, ndipo akakana mufunseni chifukwa, nachonso cholembedwa.

Kunena zoona, pa nyumba ya K120,000 palibe amene adzapite kukhoti kukatsutsa kukana kwa landilodi. Ndalama ndi nthawi yake ziposa phindu. Phindu la mfundoyi lili pokambirana: mukamuonetsa kuti munthu mwabweretsayo ali pa ntchito, ali ndi dipoziti m'manja, ndipo nyumba sikhala mwezi wopanda munthu, eni nyumba ambiri amavomera, chifukwa chimene amaopa kwambiri ndi chitseko chokhoma chosabweretsa kanthu.

Ndinalowetsa kale munthu osapempha. Tsopano nditani?

Pitani mukanene eni ake asanamve kwa anthu a pa mdadada. Akhoza kuvomereza zimene zachitika kale, ndipo akatero lembani pepala lija, lokhala ndi tsiku lenileni limene munthuyo analowa.

Pali mfundo ina imene imateteza wa lendi. Mwini nyumba akadziwa bwinobwino kuti mwalowetsa munthu, n'kupitiriza kulandira lendi ya miyezi yotsatira osanena kanthu, malamulo amatha kuona kuti wasiya yekha ufulu wake wothetsa pangano pa chifukwa chimenecho. Sangadye lendi miyezi isanu ndi umodzi akudziwa, n'kudzadzuka tsiku lina kuti mwaphwanya pangano, tulukani lero. Koma mawu ofunika ndi akuti "akudziwa", ndipo kutsimikiza kuti ankadziwa ndi ntchito yanu. Komanso mfundoyi siimuletsa kukupatsani notisi wamba ya mwezi ngati pangano lanu ndi la mwezi ndi mwezi. Ndi chishango chaching'ono, musachidalire ngati mpanda.

Ine ndine wofuna nyumba. Ndingadziwe bwanji kuti amene akundipatsa makiyi si mwini wake?

Zizindikiro zimaoneka mukakhala tcheru. Munthuyo amakuuzani kuti wina akafunsa muzinena kuti ndinu m'bale wake. Safuna kupereka lisiti, kapena amati lendi muzimupatsa pamanja pokha. Amakuonetsani nyumba madzulo kapena Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Dzina la pa bilu ya madzi ndi lina, ndipo mukafunsa amayankha mozungulira. Dzina losiyana palokha si umboni, poti mabilu ambiri akadali m'maina a eni ake akale, koma ndi poyambira funso.

Njira yachidule ndi kufunsa anthu oyandikana nawo, kapena mayi wa pa kiyosiki ya madzi, kuti nyumba iyi eni ake ndani. Ku Chilinde funso limeneli silitenga mphindi zisanu. Amfumu a m'deralo nawonso amadziwa mapoloti awo. Mukapeza kuti wokupatsani makiyiyo ndi tenanti, sikuti nkhani yafa. Muuzeni kuti mupite limodzi kwa eni ake musanatulutse ndalama. Mufunsenso kuti pangano lake likutha liti ndiponso ngati alibe ngongole, poti ngongole yake ndi imene idzakutulutseni inu. Akakana kupita nanu, mwayankhidwa.

Za nyumba za Malawi Housing Corporation zimasiyana?

Zimasiyana pa kukhwima. Bungweli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, limapereka nyumba kwa munthu amene dzina lake lili pa pangano, ndipo kuchititsa lendi nyumba zake n'koletsedwa. Chifukwa lendi yake imakhala yotsika poyerekeza ndi ya nyumba za anthu, pamakhala chiyeso choti tenanti asamuke mwakachetechete n'kumalandira ndalama yokwera kwa wina, kapena "agulitse" makiyi pa ndalama yambiri kwa munthu wofuna kulowa. Wogula makiyi otere sanagule kanthu. M'mabuku a bungwe nyumbayo ikadali ya dzina lakale, ndipo zikadziwika onse awiri akhoza kuitaya, wolowayo n'kutsala wopanda nyumba ndi wopanda ndalama. Kusintha dzina kumachitikira ku ofesi ya bungwelo, osati pa khonde. Nyumba za boma kapena za kampani zimene munthu amapatsidwa chifukwa cha ntchito zili chimodzimodzi: ufulu wokhalamo ndi wa wantchitoyo, ndipo suyenda ndi makiyi.

Zikafika povuta, mwini nyumba angathe kuzula chitseko kapena kutulutsa katundu wa munthu amene sakumudziwayo?

Zimachitika, tonse tinaonapo nyumba yozulidwa chitseko kapena lata limodzi m'nyengo ya mvula, koma si njira ya lamulo. Ngakhale pangano litaphwanyidwa, mwini nyumba ayenera kupereka notisi yonena cholakwacho, ndipo anthu akakana kutuluka, apite kukhoti la majisitireti kukatenga chilolezo chowatulutsa. Akadzichitira yekha, n'kuwononga kapena kusowetsa katundu wa munthu, akhoza kupezeka kuti iye ndiye akulipira, mwina ndalama yoposa lendi imene ankaifuna.

Nkhani zambiri za ku Chilinde sizifika kukhoti. Zimathera kwa amfumu a m'dera kapena pa khonde pamaso pa mboni, ndipo kawirikawiri chigamulo chimakhala chopatsa wokhalamoyo masabata angapo kuti apeze kwina, kapena kumulola kuyamba pangano lakelake ndi mwini nyumba ngati akuoneka wolipira. Apolisi amathandiza pakakhala ndewu kapena kuba, koma ngongole ya lendi si mlandu wa kupolisi, ngakhale anthu amakonda kuopsezana nawo. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau. Kulikonse kumene mungapite, kaya ndi kwa amfumu kapena kwa majisitireti, adzayamba ndi kufunsa kuti munapangana ndi yani, lendi mumapereka kwa yani, ndipo muli ndi chiyani chosonyeza, choncho pitani ndi pepala lija, malisiti, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a miyezi yonse imene munalipira.